Nsenga zoyera zomwe zimasungunuka mu asidi ndi mu alikali momwe

Chaka chilichonse ndikamakonzekeretsa ana a Folomu 4 mayeso a mu labotale, sipalephera mmodzi wokweza chubu m'mwamba n'kunena kuti: "Aphunzitsi, kwa ine sikunachitike kanthu." Ndikayang'ana, madzi ali mbee. Koma zinthu zachitika, ziwiri kumene. Mwanayo wakhuthula alikali yense nthawi imodzi, ndiye zonse zamudutsa asanaphethire.

Tiyeni tiziyambire pamodzi. Mu chubu muli 2 cm³ ya madzi a zinki salifeti, ZnSO₄, a mphamvu ya 0.1 M. Mukudonthezamo sodiyamu haidirokisaidi, NaOH, wa 1 M, yemwe opanga sopo amamutcha kositiki soda. Dontho loyamba likangogwa, mumaoneka kamtambo koyera. Mukagwedeza n'kuwonjezera, kamtamboko kamakula kukhala nsenga zoyera zotelera ngati phala lamadzimadzi. Ameneyo ndiye zinki haidirokisaidi.

Zn²⁺ + 2OH⁻ → Zn(OH)₂

M'chubumo muli mamolo 0.0002 a zinki, ndipo zinki aliyense amafuna OH⁻ awiri. Choncho pakufunika 0.4 cm³ yokha ya alikali, madontho ngati 8, kuti zinki yense asanduke nsenga. Madontho 8 okha! Wothira mokhuthula amadutsa pamenepo osadziwa.

Mukapitiriza kudontheza, nsenga zija zimayamba kuchepa mpaka madzi kuyeranso. Ambiri amaganiza kuti zasuluka chifukwa madzi achuluka. Ayi ndithu. Thirani madzi wamba ochuluka chimodzimodzi, muona nsenga zili pompo. Chomwe chachitika n'chakuti zinki walandira OH⁻ ena awiri, n'kukhala ayoni yomwe imasungunuka m'madzi.

Zn(OH)₂ + 2OH⁻ → [Zn(OH)₄]²⁻

Papepala zikuoneka ngati madontho ena 8 akwanira, koma pa benchi pamafunika ochulukirapo, chifukwa ayoni imeneyi imakhazikika pokhapokha alikali atatsala wambiri m'madzimo. Ngati botolo la alikali lakhala chivundukulire kwa miyezi n'kumayamwa mpweya wa CO₂, limafooka, ndipo nsenga zimakana kutha.

Haidirokisaidi za zitsulo zambiri, monga maginiziyamu, zimasungunuka mu asidi basi. Alikali mungathire wochuluka bwanji, zimangokhala pansi phee. Za zinki ndi aluminiyamu zimadya uku ndi uku: zikakumana ndi asidi zimapereka OH⁻ wawo kuti apange madzi, zikakumana ndi alikali wamphamvu zimalandira OH⁻ wina ngati kuti ndi asidi. Khalidwe limeneli ndi lomwe timalitcha amfoteriki. Aluminiyamu amatero:

Al(OH)₃ + 3H⁺ → Al³⁺ + 3H₂O

Al(OH)₃ + OH⁻ → [Al(OH)₄]⁻

Chomwe ndimakonda kuonetsa ana ndi ulendo wobwerera. Tengani madzi oyera aja a alikali wambiri, mudonthezemo asidi wosukuluka pang'onopang'ono. Nsenga zimabwerera. Pitirizani, zisungunukanso. Apa ndi pomwe munthu amaona ndi maso kuti nsengazi zimakhala pakati pokha, pomwe madzi sali asidi kwambiri komanso sali alikali kwambiri. Oyeretsa madzi a m'mipopi amadalira zomwezi: amathira aluminiyamu salifeti kuti Al(OH)₃ akole matope n'kumira nawo, ndipo amasunga pH pafupi ndi 6 kapena 7. Ikapatuka kwambiri, nsenga sizigwirana bwino, madzi amatuluka a mbuu.

Tsono vuto ndi ili: ndi NaOH, zinki ndi aluminiyamu amaoneka chimodzimodzi. Chowasiyanitsa ndi amoniya. Onse awiri amapanga nsenga zoyera poyamba, koma amoniya akachuluka za zinki zimasungunuka kukhala [Zn(NH₃)₄]²⁺, pamene za aluminiyamu zimatsala. Amoniya ndi alikali wofooka, sapereka OH⁻ wokwanira kusungunula Al(OH)₃. Zinkiyo sasungunulidwa ndi OH⁻ ayi, amagwiridwa ndi amoniya weniweniyo. Chenjeraninso ndi mtovu, Pb²⁺, womwe umachita ngati aluminiyamu pa mayeso onse awiriwa. Uwo umadziwika ndi potaziyamu ayodaidi, yemwe amaupangitsa nsenga zachikasu, pamene aluminiyamu sasintha kanthu.

Kunyumba nkhani yomweyi imaonekera pa poto. Aluminiyamu amatetezedwa ndi kakhungu kopyapyala ka okusaidi, kamene nakonso ndi kamfoteriki. Chidulo kapena soda wa m'therere amakakanda pang'ono, n'chifukwa chake poto amathimbirira m'kati. Kositiki soda ndiye amakadya konse n'kufika pachitsulo chenichenicho. Poto amatentha, amachita thovu ndi kutulutsa mpweya wa haidirojeni womwe umayaka msanga, mapeto ake amabooka. Amayi opanga sopo ndimawauza kuti soda asungunulire m'chidebe cha pulasitiki yolimba, asakhudzitse poto wa aluminiyamu kapena ndowa ya malata, poti malatawo anakutidwa ndi zinki.