Mutu wobaya kuseri kwa diso limodzi: chonde musathire kanthu m'diso

Abale anga a ku Angoniya, Tsangano, Makanga ndi madera ozungulira, ndalemba izi chifukwa cha bambo wina amene anabwera kuchipatala kwathu diso lakumanja litatupa, likutuluka mafinya. Ali ndi zaka 34. Mkazi wake anati kwa masabata 3 bambowa amadzuka cha m'ma 1 koloko usiku uliwonse, atagwira diso, akuzungulira nyumba ndi kumenyetsa mutu kukhoma, ndiye pakatha ola basi ululu umazimiririka ngati sipanachitike kanthu. Achibale anati matenda amadziwa bwanji nthawi, ameneyu alipo akumubwerera usiku. Anamutema mphini pachipumi, kenaka nkumufinyira madzi a masamba m'diso. Mafinya aja sanachokere ku mutu ayi, anachokera ku masambawo.

Matendawa alipo ndithu, madotolo amati mutu wa kilasita. Sapatsirana ndipo amakonda kugwira amuna a zaka 20 mpaka 40, ambiri mwa iwo osuta fodya. Zoti amabwera pa ola lomwelo musadabwe nazo, mkati mwa ubongo muli kachigawo kamene kamasunga nthawi yogona ndi yodzuka, ndipo matendawa amayendera limodzi ndi kawotchi kameneka. Ululu umadutsa mu mtsempha wa kunkhope nchifukwa chake mumaumvera kudiso, koma disolo ndi labwinobwino. Ndikubwerezanso, diso silikudwala, ndiye zothirathirazo mukungoononga chinthu chamoyo.

Ululu wake umakhala mbali imodzi, ngati munthu akukubayani ndi msomali wamoto kuseri kwa diso. Umatenga mphindi 15 mpaka maola 3, ena kamodzi patsiku ena mpaka ka 8. Diso la mbali yomweyo limafiira ndi kutuluka misozi, chikope chimagwa, mphuno ya mbali imeneyo imatseka kapena kuchucha mamina. Wa mutu waching'alang'ala amafuna kugona phee mumdima, koma uyu sakhazikika, amangoyendayenda. Zimachitika masabata angapo kapena miyezi, kenaka zimasiya kwa miyezi kapena zaka. Apa mpamene ambiri amanamizika, amati mphini zija zagwira ntchito, chonsecho nyengo yake yangotha yokha ndipo ikadzabwerera adzathiranso zomwezo m'diso.

Parasetamolo ndi ibupulofeni sizithandiza kwenikweni, mapiritsi akamayamba kugwira ululu umakhala ukutha kale, ndipo kumeza ambirimbiri kumaononga chiwindi, impso ndi m'mimba. Kachasu ndiye ayi ndithu, mu nyengo imeneyi mowa ngakhale pang'ono umadzutsa ululu ola lisanathe.

Chimene chimadula ululu msanga ndi mpweya wa okisijeni wa mu silinda, malita 12 mpaka 15 pa mphindi, kupuma ndi masiki ya kathumba kwa mphindi 15 mpaka 20 mutakhala tsonga. Palinso jakisoni wa sumatiripitani, koma sapezeka paliponse ndipo odwala mtima sapatsidwa. Oletsa kuti ululu usamabwerebwere ndi verapamili, ameneyu dotolo amayamba wayeza kagundidwe ka mtima, nthawi zina amawonjezera peredinizoloni wa masiku ochepa. Musakagule nokha pamsika. Chipatala chaching'ono chikakhala chilibe zimenezi pemphani kalata yopitira ku chachikulu, ku Ulongwe kapena ku Tete.

Vuto lina ndi loti masana mumafika kuchipatala muli bwinobwino, ndiye zimavuta kuti amene akukuonaniyo amvetse. Lembani pa pepala tsiku, ola limene wayamba, ola limene wasiya ndi mbali yake. Wina akujambuleni nkhope pa foni ululu uli mkati kuti diso lofiiralo ndi chikope chakugwacho zioneke. Mkazi wa bambo uja anachita zimenezo kwa masiku 4 ndipo pepala lake linathandiza dotolo kuposa zonse zimene tinafunsa.

Koma si mutu uliwonse wa kudiso umene uli kilasita. Mutu ukabwera mwadzidzidzi ngati mphezi, kapena pali kutentha thupi, kuuma khosi, kukomoka, kufooka mkono kapena mwendo, kapena diso layamba kuona mwachimbuuzi ndipo mukusanza, thamangani tsiku lomwelo, usiku womwewo, osadikira kuti tione mawa. Ndipo amene ululu wamufikitsa poganiza zodzipha musamusiye yekha, zimachitika ndi matenda amenewa, bwerani naye.

Bambo uja mutu wake unasiya koma pa diso patsala chipsera choyera ndipo saona bwino mbali imeneyo. Ngati mwathira kale kanthu, tsukani ndi madzi oyera ambiri ndipo mubwere lero, mutiuze chimene munathira, sitikukalipirani. Madzi a masamba, fodya, mandimu, mkodzo, mkaka wa m'mawere, chonde chilichonse chisalowe m'diso.