Timu ikachoka mumpikisano masewero ali mkati

Mipikisano yambiri ya mpira wamiyendo ya m'madera muno mu Mzuzu, kaya ndi bonanza ya pa Khrisimasi kaya chikho cha achinyamata a mipingo, imayamba bwino. Matimu amabwera, mayere amachitika, mndandanda wa masewero umatumizidwa pagulu la WhatsApp. Phokoso limabuka sabata yachitatu, timu ina ikanena kuti yasiya, kapena ikangosowa pabwalo. Pamenepo komiti imakhala pansi kufunsana chochita ndi mapointi, koma nthawi yatha kale, chifukwa aliyense wakhala patebulopo akudziwa timu yomwe ipindule ndi chigamulo chilichonse. Ndakhala ndikuyendetsa kaundula wa mipikisano yotere, ndipo langizo langa ndi lakuti yankho la funso limeneli lilembedwe pa fomu yolembetsera, mpira usanagundidwe n'komwe.

Tiyambe ndi tanthauzo la kulembetsa. Mphunzitsi wa timu akakuimbirani foni kuti "mutisungire malo, akulu", ameneyo sanalembetse. Timu yalembetsa pakakwana zinthu zitatu: fomu yosainidwa ndi wapampando kapena manijala wa timuyo, mndandanda wa osewera wokhala ndi manambala a zitupa zawo za unzika, ndi ndalama zonse. Ngati osewera ndi ana osakwana zaka 16, omwe alibe chitupa cha unzika, funsani kalata ya kubadwa kapena kalata ya ahedi a kusukulu kwawo, pamodzi ndi chithunzi. Mndandandawu ndi umene umagwira mnyamata amene wasewerera timu ya ku Chibavi Loweruka n'kukavalanso yunifomu ya ku Chiputula Lamulungu. Ndalama zikabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, lembani nambala ya uthenga wotsimikizira mubuku moyang'anizana ndi dzina la timu, poti nthawi zambiri wotumiza amakhala mlamu wa manijala kapena ejenti wa pamsika, ndipo dzina lake silikuuzani chilichonse pakatha milungu iwiri.

Ndalamazo zigaweni pawiri. Tinene kuti mwaika K50,000 yolowera ndi K20,000 ya chikole. Yolowera ndi yolipirira oyimbira, mipira, laimu wojambulira bwalo ndi zina. Mayere akachitika siibwezedwanso. Chikole chimabwerera kwa timu iliyonse yomwe yasewera masewero ake onse, ngakhale itagonja konse. Ntchito ya chikole ndi imeneyo basi: kuti timu yomwe yaona kuti sipitirira ndime ya magulu ikhalebe ndi chifukwa chobwerera pabwalo tsiku lomaliza.

Ikani tsiku lotsekera kulembetsa, ndipo mayere achitike mawa lake, osati tsiku lomwelo. Ngati mumafuna matimu 16 ndipo abwera 18, awiri otsalawo musawabweze. Aikeni pa mndandanda wa odikira motsata nthawi yomwe anamaliza kulipira. Timu ikasiya isanasewere ngakhale kamodzi, woyamba pa odikira amangolowa m'malo mwake, pagulu lomwelo, masiku omwewo, ndipo simusintha kanthu. Kusiya kotereku n'kosavuta.

Mndandanda wa masewero umayamba ndi masamu ochepa. Gulu la matimu 4 limafuna masewero 6 kuti aliyense akumane ndi mnzake kamodzi. Magulu anayi ndi masewero 24, ndipo mukaonjezera makotafainolo 4, masemifainolo 2, olimbirana nambala yachitatu ndi fainolo, onse pamodzi ndi 32. Pabwalo limodzi, ngati chigawo chilichonse ndi mphindi 35, perekani maola awiri pa masewero alionse, kuwerengera kupuma, kuona zitupa ndi kuchedwa kumene tonse tikukudziwa. Ndiye kuti masewero anayi patsiku, asanu ndi atatu pa Loweruka ndi Lamulungu, milungu inayi yathunthu popanda mpata ngakhale umodzi. Mndandanda wothina chonchi sukhalitsa. Kuno mvula imatha kupitirira mpaka Epulo ndi Meyi pamene kwina yaleka, maliro sapangana ndi munthu, ndipo bwalo la pasukulu ahedi angalifune pa zochitika zawo. Choncho pemphani bwalo milungu isanu, mwa kalata, ndipo tsiku limodzi pakati pa ndime ya magulu ndi ndime ya chipulula mulisiye lopanda kanthu. Pa fomu funsaninso masiku amene timu singathe kusewera: ya achinyamata a mpingo wa Seventh Day siibwera Loweruka, ndipo matimu ambiri a mipingo ina Lamulungu m'mawa amakhala kutchalitchi. Kudziwa zimenezi mayere asanachitike kumachotsa "kusiya" kwambiri komwe kwenikweni sikusiya ayi, koma kulephera kufika.

Kusafika ndi kusiya ndi zinthu ziwiri, ndipo malamulo anu azisiyanitse. Malamulo a mpira amati masewero sangayambe kapena kupitirira ngati timu ili ndi osewera osakwana 7. Nthawi yodikira mumaika nokha, mphindi 15 kapena 20. Ikakwana, woyimbira aone zitupa za omwe afika, alembe lipoti ndi nthawi yake, ndipo komiti ipereke mapointi atatu ndi zigoli 3-0 kwa timu yomwe inalipo. Chimenechi ndi chimene anyamata amati kupambana patebulo. Timu yomwe inadziwitsa dzulo lake kuti kwagwa maliro a wosewera kapena wa pabanja pake isalandire chilango chotere. Masewero ake apite pa tsiku lopanda kanthu lija. Koma yomwe yalephera kufika kawiri popanda chifukwa, itengedwe kuti yasiya, ngakhale manijala wake akukana pafoni.

Tsopano pa mfundo yovuta. Tiyerekeze Gulu B lili ndi matimu ochokera ku Chibavi, Zolozolo, Luwinga ndi Masasa, ndipo awiri ndi omwe apitirire. Sabata yoyamba Chibavi yagonjetsa Zolozolo 2-1, pamene Luwinga ndi Masasa zalepherana 1-1. Sabata yachiwiri Masasa yagonjetsa Chibavi 1-0, Zolozolo ndi Luwinga zalepherana 1-1. Kenako Masasa yasiya, titi amene ankailipirira minibasi waleka. Masewero ake ndi Zolozolo sachitika. Otsalawo, Luwinga yagonjetsa Chibavi 1-0.

Pali njira ziwiri zowerengera. Yoyamba ndi kusunga zotsatira zonse za Masasa n'kupatsa Zolozolo 3-0 ya patebulo. Mukatero Luwinga ili ndi mapointi 5, Zolozolo 4, Chibavi 3. Zolozolo yapitirira popanda kupambana ngakhale kamodzi pabwalo, ndipo yasiya m'mbuyo Chibavi yomwe inaigonjetsa anthu akuona. Njira yachiwiri ndi kufufuta zonse zimene Masasa inasewera, ngati kuti m'gulumo munali matimu atatu chiyambire. Pamenepo Luwinga yatsala ndi mapointi 4, Chibavi 3, Zolozolo 1, ndipo yopitirira ndi Chibavi. Masewero ndi omwewo, zigoli ndi zomwezo, koma timu yopita ku kotafainolo yasintha. Mungaone nokha chifukwa chake msonkhano wa komiti wochitika zotsatirazi zitadziwika umatha ndi kutukwanizana: amene ali ndi mphwake ku Zolozolo aona nzeru m'njira yoyamba, wa ku Chibavi aona chilungamo m'yachiwiri.

Maligi ambiri amagwiritsa ntchito lamulo la theka: ngati timu yasiya isanafike theka la masewero ake, zonse zifufutidwe, ngati yafika kapena kupyola theka, zotsatira zikhale ndipo otsala alandire mapointi a patebulo. Mu ligi yaitali lamuloli lili ndi nzeru, chifukwa kufufuta masewero a miyezi ingapo kumagwedeza tebulo lonse, pamene mapointi atatu aulele amamira pakati pa ambiri. Koma m'gulu la matimu anayi, pomwe aliyense amasewera katatu kokha, mapointi atatu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zimene timu ingapeze, ndipo zigoli zitatu zaulere zimapotoza kusiyana kwa zigoli. Ine ndimasankha kufufuta. Matimu otsala amayesedwa pa masewero ofanana, aliyense ndi anzake awiri omwewo. Luwinga idandaula kuti yataya pointi imene inakhetsera thukuta, ndipo kudandaulako n'komveka, koma kutaya kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi kutumiza timu ku ndime ina ndi mapointi omwe sinawasewere.

Kufufutako kuli ndi malire. Makadi satha nawo. Wosewera wa Chibavi amene anaonetsedwa kadi yofiira pokumana ndi Masasa aphonyebe masewero otsatira, ndipo makadi achikasu awerengedwebe, poti chilango ndi cha khalidwe lake, osati cha zotsatira. Za zigoli za womwetsa zambiri gamulani pasadakhale. Ine ndimachotsa zigoli za m'masewero a Masasa, chifukwa osewera a Zolozolo sanapeze mwayi wokumana ndi timu imeneyo. Ndipo dziwani kuti njira zonse ziwiri munthu wochenjera angazigwiritse ntchito. Pa njira yoyamba, Masasa ingasiye dala kuti ipatse Zolozolo mapointi. Pa yachiwiri, ingasiye kuti ipukute kugonja kwa Chibavi. Chizindikiro chake ndi timu yomwe ili ndi mwayi wopitirira, monga Masasa inali ndi mapointi 4, n'kusiya mwadzidzidzi pa chifukwa chosamveka. Kutsimikiza katangale wotere n'kovuta, n'chifukwa chake chilango chiyenera kukhala chomwecho kwa aliyense wosiya: chikole chapita, ndipo timuyo ndi akuluakulu ake saloledwa mumpikisano wotsatira. Lembani mayina a anthu, osati la timu lokha, popeza dzina la timu ya m'dera limasintha usiku umodzi.

Masewero omaliza a gulu amayenera kuyamba nthawi imodzi. Mwambo umenewu unakhazikika pambuyo pa World Cup ya 1982, pamene West Germany inagonjetsa Austria 1-0, matimu onse awiri akudziwa kuti zotsatira zimenezo ziwapititsa patsogolo n'kutulutsa Algeria, yomwe inali itamaliza kale masewero ake. Ngati muli ndi bwalo limodzi lokha, bwerekani lachiwiri tsiku limenelo lokha. Koma timu ikasiya, chitetezo chimenechi chimagwa, chifukwa Luwinga ndi Chibavi zilowa m'bwalo zikudziwa kale pomwe Zolozolo yathera. Palibe mankhwala enieni a vutoli. Chomwe mungachite ndi kulengeza tebulo latsopano mwa kalata masewerowo asanachitike, kuikapo woyimbira wochokera kunja kwa madera onse atatu, ndi kuonetsetsa kuti mamembala awiri a komiti alipo.

Mu ndime ya chipulula nkhani ndi yaifupi. Timu ikasiya pa kotafainolo, yomwe imayenera kukumana nayo yadutsa. Musabwezere m'mpikisano timu yomwe inatuluka kale pofuna kuti bwalo lisakhale duu, pokhapokha ngati fomu inanena kuti yachitatu ya gulu lomwelo ndiyo ilowe m'malo, ndipo kotafainolo ngakhale imodzi isanaseweredwe. Mukatero dziwitsani oyimbira ndi eni bwalo tsiku lomwelo, sinthani mndandanda, lembani deti pamwamba pake, ndipo wakalewo muufufute pagulu la WhatsApp kuti pasapezeke timu yofika Loweruka ndi pepala la sabata yatha.