Kwa onyamula zitsulo mu Salima: yambani mwawerenga masiku omwe muli nawo

Pali mphekesera yomwe yafala pakati pa achinyamata onyamula zitsulo, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, yoti wosapita ku jimu masiku 6 pa sabata akungotaya nthawi, komanso kuti ululu waukulu ndiye umboni woti minofu ikukula. Ife azaumoyo zimenezi zikutidetsa nkhawa, chifukwa zitha kuononga impso.

Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa minofu ikuluikulu yonse masiku osachepera 2 pa sabata. Mnofu womwe wagwira ntchito yolemetsa umafuna kupuma pafupifupi maola 48. Njira zogawira masewerawa ndi zitatu. Ya thupi lonse tsiku limodzi ndi ya munthu wa masiku 2 kapena 3. Ya kumtunda kwa thupi lero, kumunsi kwa thupi mawa, imafuna masiku 4. Ya kukankha, kukoka ndi miyendo imafuna masiku 6 kuti chiwalo chilichonse chifikiridwe kawiri.

Funso tsono ndi ili: mwezi wathawu munapitadi masiku angati pa sabata? Musawerenge masiku omwe mumalakalaka. Werengani omwe munapita, mutachotsa a maliro, a kumunda, a msika, ndi omwe munagona ndi malungo.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza yemwe amapeza mpata Lolemba ndi Lachitatu, mwina ndi Loweruka ngati makasitomala achepa. Waona pa foni ndondomeko ya masiku 6 ndipo waitengera. Lolemba akankha, kulimbitsa chifuwa ndi mapewa. Lachitatu akoka, kulimbitsa msana. Loweruka, tsiku la miyendo, ntchito yamuchulukira. Lolemba lotsatira ayambiranso pa chifuwa, poti ndi chomwe anzake amaona. Masabata atatu atha osachita sikwati ndi imodzi yomwe. Ndiye tsiku lina, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, aganiza zobweza ngongole yonse: masikwati mazana awiri, chitsulo cha simenti chili pamapewa, madzi osamwa. Apa ndi pomwe ngozi imayambira. Kupalasa njinga sikunakonzekeretse ntchafu zake ku katundu wotere.

Mnyamatayu akadasankha thupi lonse. Tsiku lililonse lomwe wapita achite masikwati, mapushapu kapena kukankha chitsulo atagona chagada, kukokera chitsulo kumimba atawerama, ndi kunyamula chitsulo kuchokera pansi msana uli wowongoka. Chilichonse maseti 3, seti iliyonse maulendo 8 mpaka 12, n'kuleka akadali ndi mphamvu ya maulendo ena awiri. Akapita katatu, masikwati akwana maseti 9 pa sabata. Akaphonya Loweruka, akwana 6, ndipo palibe chiwalo chomwe chasiyidwa. Tsiku lophonyedwa salibweza. Amangopitiriza.

Amene mwakhala mukupita masiku 4 mosadukiza kwa miyezi iwiri kapena itatu, kumtunda ndi kumunsi kukuyenerani: Lolemba ndi Lachinayi kumtunda, Lachiwiri ndi Lachisanu kumunsi. Ya masiku 6 isiyireni omwe anazolowera kale, amagona mokwanira ndipo amadya mokwanira. Msodzi amene wachezera kukoka khoka usiku wonse, msana ndi mikono yake zagwira kale ntchito, asaonjezerepo tsiku lina lokoka m'mawa mwake.

Tibwerere ku ululu uja, chifukwa ndi pomwe anthu mumachedwera. Kuphwanya kwa minofu kwa masiku awiri kapena atatu, komwe kukunka kuchepa, n'kwachibadwa. Koma mnofu ukagwiritsidwa ntchito mopyola muyeso, makamaka kukutentha, umatha kuonongeka mkati, ndipo zotuluka mmenemo zimalowa m'magazi n'kukavulaza impso. Mudzaona ntchafu kapena mikono itatupa ndi kulimba, ululu woposa wa masiku onse, kufooka kolephera nako kukwera njinga kapena kuwongola chigongono, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, kapena mkodzo wochepa kwambiri.

Kuno kunyanja ambiri akaona mkodzo wasintha mtundu amangoti ndi likodzo, n'kudikira. Chonde musadikire. Likodzo, malungo aakulu ndi minofu yoonongeka zonse zimatha kusintha mkodzo, ndipo wosiyanitsa ndi dokotala akakuyezani. Pitani tsiku lomwelo ku chipatala chachikulu cha boma la Salima kapena chipatala chomwe muli nacho pafupi, ndipo mukanene momveka kuti munachita masewera olemetsa tsiku lakuti. Musamwe ibuprofen kapena diclofenac wogula pagolosale kuti mupondereze ululuwo, chifukwa mankhwalawa amaonjezera vuto la impso. Musabwerere ku zitsulo poganiza kuti thukuta lichotsa ululu. Imwani madzi muli m'njira, koma madziwo asakhale chifukwa chokhalira pakhomo mpaka mawa.