Dzino lotuwa siliyera ndi makala

Sabata siitha ndisanalandire munthu amene wakwecha mano ake ndi makala osinja, phulusa kapena soda wothira ndimu, ndipo akudabwa kuti m'malo moyera, manowo ayamba chikasu ndipo kunsonga kwake kwatuwa. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa chimene wachotsacho sindingathe kuchibwezera. Chikuto cha dzino, chimene timachitcha enamelo, chimalola kuwala kudutsamo, ndipo mtundu umene mumauona umachokera kwambiri ku dentini, mbali yolimba ya dzino ya pansi pa enamelo, amene mwachibadwa ndi wachikasu. Mukapala enamelo, chikasucho chimaonekera kwambiri, ndipo kunsonga kwa mano akutsogolo, kumene kulibe dentini, kumayamba kuonetsa mdima wa m'kamwa. Kutuwa kwa kunsongako kumabwera motero.

Sindiiwala mtsikana wina amene anabwera kutatsala masabata 3 kuti achite ukwati. Dzino lake limodzi lakutsogolo, lakumtunda, linali lotuwa, ndipo kwa miyezi ingapo ankapaka mankhwala oyeretsa amene anagula kwa munthu wogulitsa zodzola. Mano ena onse anayeradi, koma dzino lija silinasinthe, moti linkaonekera kuposa kale, ndipo nkhama zake zinali ndi timabala toyera tosonyeza kupsa. Nditamufunsa ngati anagwapo kapena kumenyedwa pakamwa, anayankha kuti, "Adokotala, ndinagwa pa njinga ndili ku pulayimale, koma silinandiwawepo." Nditaika thonje lozizira kwambiri pa dzinolo sanamve kanthu, ndipo ekisire inaonetsa mdima kunsonga kwa muzu, chizindikiro cha matenda amene ankadya fupa. Dzinolo linali litafa kalekale, ndipo kutuwako kunali zotsalira za magazi ndi mnofu wakufa zimene zinalowerera mu dentini.

Dzino lotere limayeretsedwa kuchokera mkati. Timayamba tatsuka ndi kutseka ngalande ya muzu, kenako timaika mankhwala oyeretsa m'kati mwa dzinolo n'kutsekapo, ndipo timawasintha pakatha masiku angapo mpaka litafanana ndi linzake. Nthawi inatichepera, ndipo pa tsiku la ukwati dzinolo linali lisanafanane bwino ndi anzake. Akanabwera miyezi iwiri m'mbuyo tikanamaliza mosathamanga, komanso matenda a kumuzu aja sakanapitiriza kudya fupa nthawi yonse imene iye ankalimbana ndi mtundu wa kunja.

Kwa munthu amene mano ake ndi amoyo ndipo angochita chikasu, njira imene ndimaikhulupirira ndi yapang'onopang'ono. Tikachotsa litsiro louma ndi madontho a tiyi kapena fodya, n'kumata mano obooka, timaumba kachipewa kapulasitiki kofewa kogwirizana ndendende ndi mano a munthuyo. M'menemo amaika mankhwala oyeretsa, kabamaidi perokisaidi wa 10 peresenti, amene mphamvu yake ndi pafupifupi 3.5 peresenti ya haidirojeni perokisaidi, kadontho kochepa pa dzino lililonse, n'kugona nako kwa masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono. Mankhwala akasefukira kunkhama ndiye kuti mwachulutsa. Mano akayamba kunyerenyesa pomwa madzi ozizira, dumphani usiku umodzi kapena uwiri.

Chimene ambiri safuna kumva n'chakuti mano abwino sakhala a mtundu umodzi ngati mbale yadothi yopaka utoto. Mano osongoka a m'mbali amakhala oderako kuposa akutsogolo, ndipo dzino lililonse limadera pafupi ndi nkhama. Kusiyanako ndiko kumachititsa kuti manowo aoneke anuanu. Ine ndimaimitsa mankhwala mano asanayere kuposa mbali yoyera ya diso, ndipo ndimayamba ndi mano akumtunda okha kuti akumunsi akhale poyerekezera. Musaweruze mtundu pa tsiku limene mwamaliza, chifukwa dzino limakhala litauma ndipo limaoneka loyera ngati choko; mtundu weniweni umakhazikika pakatha masabata awiri.

Masabata awiri omwewo ndi ofunika kwa amene anamatidwa dzino lakutsogolo kapena anavekedwa dzino lopanga. Perokisaidi sasintha mtundu wa zomatira, choncho zimatsalira zoderako ngati chigamba, ndipo timazisintha pokhapokha nthawiyo itakwana, pamene mtundu wakhazikika ndiponso chomatira chatsopano chingagwire bwino.

Palinso amene anakulira kumadera kumene madzi a pamjigo ali ndi fuloraidi wambiri, ndipo mano awo ali ndi mawanga oyera kapena ofiirira. Mwa iwo mawanga oyera amayamba kuonekera kwambiri m'masiku oyambirira, ndipo ena amafunika kuti dokotala apale pamwamba pang'ono kwambiri kapena amatepo. Amene anamwa tetirasaikilini, mankhwala opha mabakiteriya, ali ana mano akuumbika amakhala ndi mizere yotuwa imene imafuna miyezi ingapo ya mankhwala, ndipo nthawi zambiri siitheratu. Wogulitsa kabotolo kosalembedwa mphamvu ya mankhwala sangasiyanitse mitundu imeneyi, ndipo alibe ekisire yoonera muzu wa dzino limene latuwa lokha.