Khoma limauma kunja msanga, mkati limachedwa

Madzi a mtsinje akaphwa m'nyumba, anthu ambiri amakolopa, nʼkutsegula mawindo masiku angapo, kenako nʼkubwezera katundu m'malo mwake. Pakatha mwezi, kuseri kwa kabati kwada bii, zovala zikununkha, mwana akutsokomola usiku. Ife a ntchito ya zomangamanga tinaziona kwambiri zimenezi pambuyo pa namondwe wa Ana mu Januwale 2022, pamene mtsinje wa Revubwe unasefukira mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Nyumba zambiri zinapirira madziwo, koma zinadzawonongeka ndi chinyontho chimene eni ake anachitsekera mkati.

Titenge nyumba ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha, yopaka pulasitala, pansi pa simenti, imene madzi ofika m'mawondo anakhalamo masiku awiri. Musanalowe, izungulireni kaye kunja. Ngati pali mng'alu watsopano woyenda mopingasa kuchokera pakona ya zenera, kapena chitseko chimene chinkatseguka bwino tsopano chikukana, maziko asuntha, ndipo nyumbayo iyenera kuonedwa ndi mmisiri munthu asanagonemo. Magetsi azimitsidwe pa swichi yaikulu, koma osaigwira mutaima m'madzi. Soketi iliyonse imene inamira isagwiritsidwe ntchito mpaka wodziwa za magetsi ataitsegula.

Chuku chimayamba kumera pa zinthu zonyowa pakangotha maola 24 mpaka 48, choncho ntchito yoyamba ndi kutulutsa zonse panja. Matiresi a siponji amene amwa madzi a kusefukira ndi ovuta kuwapulumutsa, chifukwa madziwo amakhala atadutsa m'zimbudzi ndi m'makola, ndipo pakati pa siponji sipauma msanga. Ndikudziwa kuti matiresi si otsika mtengo, koma ine ndimalangiza kuwataya, makamaka ogonera ana. Kabati ya matabwa enieni imatsukika nʼkuumitsidwa pamthunzi podutsa mphepo, chifukwa padzuwa la ku Tete thabwa lonyowa limapindika ndi kung'aluka. Kabati ya utuchi wopanikiza ija ikafufuma, yatha basi. Chimanga ndi mtedza zimene zinanyowa nʼkuchita chuku musadye, ndipo musapatse nkhuku.

Matope muwachotse akadali ofewa, ndi fosholo, chifukwa akauma amagwira ngati simenti ndipo fumbi lake silabwino kupuma. Tsukani pansi ndi makoma ndi sopo ndi madzi oyera. Kenako bwerani ndi javeli, mankhwala amadzi oyeretsera zovala ndi kupha tizilombo aja: kapu imodzi ya mamililita 250 m'malita 4 a madzi. Pakani, dikirani mphindi 10, muzimutsuka. Ndondomeko yake ndi yomweyi, sopo poyamba, javeli pambuyo, popeza javeli wothiridwa pamatope amatha mphamvu asanaphe kanthu. Musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wowononga mapapo. Valani magolovesi ndi nsapato za jombo, mawindo akhale otsegula.

Ntchito yonseyi imatha m'masiku ochepa. Kuuma kwa khoma ndiye kumafuna mtima wodekha. Njerwa imamwa madzi, ndipo imawakokera m'mwamba kupitirira pamene chigumula chinalekeza, moti mzere wa matope ukakhala m'mawondo, chinyontho chimatha kupezeka pamwamba pake ndithu. Madziwo alibe njira ina yotulukira koma kudzera pankhope ya khoma, pang'onopang'ono. Amisiri ali ndi muyeso wakale wakuti khoma limauma pafupifupi masentimita awiri ndi theka pamwezi. Khoma lochindikala masentimita 23, louma mbali zonse ziwiri, lingatenge miyezi inayi kapena isanu. Kumunsi kuno, ku Tete ndi Moatize kumene kumatentha, limafulumirako. Ku Ulongwe, ku Tsangano ndi ku Furankungo, kumene ndi kokwera komanso kozizira, musayembekezere changu chotero.

Chimene chimaumitsa khoma ndi mphepo yoyenda. Tsegulani mawindo a mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mpweya uzilowa uku nʼkutulukira uko, ndipo zitseko za m'kati zikhale zotsegula. Mvula ikayamba, tsekani, mudzatsegulenso ikakata. Ngati magetsi atsimikizidwa kuti ali bwino, ikani fani yoloza m'munsi mwa khoma ndi m'makona. Katundu wobwerera m'nyumba atalikirane ndi khoma ndi chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Panja kumbani kangalande kochotsa madzi pafupi ndi maziko, ndipo matope amene anaunjikana mogundana ndi khoma muwachotse, apo ayi khomalo lizingomwa kuchokera pansi.

Ena amaika mbaula ya makala m'chipinda nʼkutseka kuti muume msanga. Imeneyo ndi njira ya kumanda. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, ndipo chinyezi chimene kutenthako kwatulutsa m'khoma chimasowa kolowera, nʼkubwerera pomwepo chipinda chikazizira.

Nanga mungadziwe bwanji kuti khoma lauma? Dzanja limanamiza. Dulani pulasitiki yoonekera mkati, masentimita 45 mbali iliyonse, muimate m'munsi mwa khoma ndi tepi m'mbali zonse zinayi mosasiya mpata. Ina matani pansi pa simenti. Zisiyeni tsiku lathunthu. Mukamatula nʼkupeza timadontho kumbali imene inayang'ana khoma, kapena malowo akuoneka oderako kusiyana ndi pozungulira, madzi akadalimo. Bwerezani pakatha milungu iwiri. Yesani malo oipitsitsa, monga pakona ya chipinda chopanda zenera, osati pakhoma loombedwa ndi dzuwa.

Khoma likamauma pamatuluka zoyera ngati ufa, ndipo ambiri amaziyesa chuku. Nthawi zambiri umakhala mchere wa m'njerwa. Kandani pang'ono muike m'madzi: mchere umasungunuka, chuku sichisungunuka, ndipo chimakhala chaubweya, chakuda kapena chobiriwira, ndi fungo lake lija. Mchere muusese ndi bulashi youma, chifukwa mukauthira madzi umalowanso m'khoma. Chuku musachisese chouma, njere zake zimauluka nʼkulowa m'chifuwa. Chinyowetseni ndi madzi a sopo, mupukute, mutavala chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo wa mphumu asakhalepo. Chikabwerera pamalo omwewo, vuto si mankhwala, khomalo likadali lonyowa. Gogodaninso pulasitala ndi chigwiriro cha mpeni: pamene pakulira ngati m'kati mulibe kanthu, wasiyana ndi njerwa, ndipo ndi bwino kumugumula kuti njerwa zipume.

Apa ndi pamene ndimakangana ndi eni nyumba, chifukwa aliyense amafuna kubisa mzere wa matope uja msanga. Penti wa mafuta amatseka khoma, chinyontho nʼkukhala mkati, ndipo posachedwa pentiyo amatupa matuza nʼkuyamba kusupuka. Ngati khoma lakale linali ndi penti wotere, mupaleni m'munsi monse mpaka kupitirira mzerewo. Ngati simungapirire kuona khoma lothimbirira, pakani laimu. Amalola chinyontho kutuluka, chuku sichimukonda, ndipo ndi wotsika mtengo. Penti weniweni adikire mpaka pulasitiki ija itatuluka youma kawiri motsatizana.

Nyumba ya zidina ndi nkhani ina. Musaitsuke ndi madzi, ndipo musagonemo pamene m'munsi mwa khoma mukadali mofewa, chifukwa dothi lonyowa limataya mphamvu ndipo khoma limatha kugwa ngakhale madzi ataphwa kale. Kanikizani msomali m'munsi mwa khoma: ukalowa ndi chala chokha, chirikizani denga ndi mitengo kuti kulemera kwake kuchoke pakhomalo, ndipo banja ligone kwina mpaka mizere ya pansi ya zidina itauma kapena kusinthidwa.