Meseji yotsimikizira wodwala tsiku lake loyamba: zimene ndimalemba ndi zimene ndimasiya

Ntchito yanga ndi yolandira odwala pa kiliniki ina yolipira ku Lilongwe, ndipo ine ndi amene ndimasunga buku la masiku oonana ndi adokotala. Mawu amene ndinaletsa anzanga onse a patebulo pathu kulemba mu meseji ndi akuti "mawa". Chifukwa chake ndi mayi wina amene anachokera ku Mponela, atagona ndi njala monga tinawauzira, n'kufika pakhomo pathu Lachisanu pomwe tsiku lawo linali Lachinayi. Meseji imene tinawatumizira Lachitatu madzulo inali yakuti: "Mukukumbutsidwa kubwera mawa 8. Mutenge zonse zofunika." Foni yawo inali itazima, moto utatha, ndipo anakaitchajitsa tsiku lotsatira. Ataiyatsa Lachinayi masana, meseji inalowa, iwo n'kuwerenga kuti "mawa". Sanalakwe chilichonse. Anachita zimene meseji inanena pa tsiku limene anaiwerenga. Dokotala amene ankafunika kuwaona amabwera Lachinayi lokha, choncho ndalama ya minibasi inapita pachabe, njala n'kugona nayo pachabe.

Wolemba meseji amaiwala kuti iye akudziwa tsiku limene akulemba, koma sadziwa tsiku limene mnzakeyo adzawerenge. Mawu monga "mawa", "mkuja" ndi "Lachinayi likubwerali" amatsamira pa nthawi yowerenga. Pa Chichewa palinso msampha wina: "mawa" ndi "m'mawa" amasiyana pang'ono kwambiri, ndipo munthu akamalemba mofulumira amasiya m woyambayo pamodzi ndi kachizindikiro kake. Wina akalemba "bwerani mawa 8", simudziwa ngati akunena tsiku lotsatira kapena nthawi ya kum'mawa.

Ndiye tsiku ndimalilemba kawiri, m'njira ziwiri zoyang'anirana: dzina la tsiku ndi deti yake, mwezi n'kuulemba m'mawu. "Lachinayi pa 21 Meyi." Dzina la tsiku ndi limene munthu amasunga m'mutu, chifukwa moyo wake umayenda ndi masiku a msika, a tchalitchi ndi a ntchito. Deti ndi imene imamuuza kuti ndi Lachinayi liti. Ubwino wina ndi wakuti ndikalakwitsa chimodzi, ziwirizi sizigwirizana, wodwala amaona pa kalendala n'kuimba kudzafunsa. Ndikalemba deti yokha n'kuilakwitsa, palibe amene angadziwe mpaka tsikulo. Manambala okhaokha ngati 05/06 sindilemba. Kuno timawerenga kuti pa 5 Juni, koma foni ndi makompyuta ena amaika mwezi poyamba, ndipo wozolowera zimenezo aziwerenga kuti pa 6 Meyi.

Ndisanatumize, ndimayang'ana m'buku ndi pa kalendala, osati m'mutu. Pamenepo ndi pamene munthu amagwira zinthu ngati zakuti pa 14 Meyi ndi tchuthi chokumbukira Kamuzu, pa 3 Malichi ndi cha ofera dziko, pa 15 Januwale ndi cha John Chilembwe. Kuwerenga milungu iwiri ndi zala n'kosavuta, ndipo umatha kuitanira munthu pa tsiku limene dokotala wake kulibe.

Nthawi ndi nkhani yaifupi. Ndimalemba "8 koloko m'mawa" kapena "2 koloko masana", osati 14:00, chifukwa ndinaonapo anthu atawerenga 14:00 ngati 4 koloko. Ndipo ndimalemba nthawi imodzi yokha, yofikira. Ngati adokotala adzamuona munthu hafu pasiti 8 koma wobwera koyamba amafunika mphindi 30 zotsegulitsa fayilo, mu meseji mumalowa 8 koloko basi. Mukalemba nthawi ziwiri, munthu amasunga yachiwiriyo.

Malo ndi pamene ife ogwira ntchito timachita ulesi, poti njira timaidziwa ngakhale titatsinzina. Wobwera koyamba saidziwa. Nambala ya puloti ilibe ntchito kwa munthu wotsika minibasi, ngakhale wa kabaza amene adzamufunse sadzaidziwa. Chimene chimathandiza ndi dera, chizindikiro chimodzi chodziwika, ndi khomo lenileni loti alowere. Mu Lilongwe madera amadziwika ndi manambala, choncho mawu akuti Eriya asachoke patsogolo pa nambalayo, apo ayi mu meseji imodzi mudzaza 21, 8, 25 ndi 4, munthu osadziwa kuti deti ndi iti, dera ndi liti. Chizindikiro chikhale chosasuntha: msika, sukulu, mzikiti, mtundu wa geti. Wogulitsa tchipisi wa pakona akhoza kusamuka mlungu wamawa.

Tsopano mbali imene imabweza anthu ambiri panjira kuposa deti yolakwika, yomwe ndi zoti atenge. "Mutenge zonse zofunika" ndi mawu opanda kanthu m'kati, chifukwa amene akudziwa zofunikazo ndi ife, osati iye. Tiyeni titenge chitsanzo cha mayi amene atumizidwa kuchokera kuchipatala chaching'ono kuti adzaonane ndi dokotala koyamba pa nkhani ya shuga. Zimene dokotala adzafune ndi zinayi. Choyamba ndi buku la kuchipatala, limene muli mbiri ya zimene anapimidwa kale. Chachiwiri ndi chiphaso cha unzika, kuti dzina pa fayilo lilembedwe monga lilili, poti maina ofanana ndi ambiri ndipo zotsatira za magazi zikalowa mu fayilo ya wina ndi nkhani yoopsa. Chachitatu ndi kalata imene anawalembera amene anawatumiza. Chachinayi, chimene ndimakakamira kwambiri, ndi mankhwala enieniwo, m'timapepala kapena m'timabotolo take. Mukafunsa munthu kuti akumwa chiyani, yankho limakhala lakuti "toyera ting'onoting'ono, kamodzi m'mawa", ndipo mapiritsi oyera ang'onoang'ono alipo ambirimbiri. Dokotala amafuna kuwerenga dzina ndi mlingo wake papaketi.

Mayi ameneyu adzapimidwanso shuga wa m'magazi asanadye, ndipo kuyeza kumeneku kumafuna kuti munthu akhale maola osachepera 8 osadya kanthu, kupatula madzi. Apa Chichewa chathu chimatipusitsa. Kwa ambiri a ife, "kudya" ndi nsima. Munthu amene wamwa tiyi wothira masipuni atatu a shuga ndi chigumu amakuuzani ndi mtima wonse kuti sanadye, ndipo sakunama. Koma magazi ake aonetsa nambala yokwera imene siikunena zoona za thupi lake, ndipo afunika kubweranso tsiku lina. N'chifukwa chake mu meseji ndimatchula tiyi ndi dzina, n'kunenanso chimene chikuloledwa, chifukwa ena amaopa ngakhale madzi, n'kufika mitsempha itabisala, wotenga magazi n'kumavutika kuipeza. Ngati munthuyo ali kale pa mankhwala otsitsa shuga, sindilemba ndekha zoti amwe kapena asamwe m'mawawo. Ndimafunsa anamwino, ndipo iwo ndi amene amamuimbira.

Zonsezi zikaphatikizidwa, ndimatumiza mameseji awiri otsatizana. Oyamba ndi awa:

"Mayi Uje, bwerani ku Kiliniki Yakuti Lachinayi pa 21 Meyi, 8 koloko m'mawa. Tili ku Eriya 25, kuseri kwa msika, geti lobiriwira, chipinda 4."

Achiwiri:

"Mutenge buku la kuchipatala, chiphaso, kalata ya adokotala, mankhwala anu onse. Lachitatu ikakwana 10 usiku musadyenso, tiyi ayi, madzi okha. Yankhani INDE."

Onani kuti usiku wosiya kudyawo ndautchulanso ndi dzina la tsiku, osati "usiku wake". Kuchokera 10 koloko usiku kufika 8 koloko m'mawa ndi maola 10, ndiye maola 8 aja akwana bwinobwino. Wolipira kudzera ku MASM, bungwe la inshuwalansi ya zachipatala, kapena bungwe lina lotere ndimamuwonjezera khadi yake pa zoti atenge. Wolipira yekha ndimamulembera ndalama yeniyeni yoonera dokotala, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati kuperewera ndalama pawindo anthu akukuyang'ana.

Ndimagawa pawiri chifukwa SMS imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Oyambawo ali ndi 140, achiwiriwo 156. Mukapitirira 160, foni imadula uthengawo m'zidutswa za zilembo 153, mumalipira chidutswa chilichonse, ndipo kumene netiweki ili yofooka nthawi zina chidutswa china chimachedwa kapena osafika. Ndikagawa ndekha, ndimadziwa kuti aliyense mwa awiriwa akumveka payekha. Palinso chinthu china chimene olemba Chichewa ambiri sachidziwa. Chilembo cha ŵ, tizithunzi ta nkhope zoseka, komanso kachizindikiro kopindika kamene Word imaika mu "m'mawa", sizili m'gulu la zilembo wamba za SMS. Chimodzi chokha chikalowa, uthenga wonse umasintha kalembedwe, malire n'kutsika kuchoka pa 160 kufika pa 70. Meseji ya zilembo 140 ija imasanduka zidutswa zitatu. Choncho ndimalemba w wamba, ndipo sindikopera mawu kuchokera mu Word. Pa WhatsApp vuto limeneli kulibe, koma si onse amene amakhala ndi bando tsiku lililonse, ndiye kwa wobwera koyamba ndimadalira SMS.

Mwina mwaona kuti mawu akuti shuga mulibe m'mameseji onse awiri. N'zadala. Mafoni ambiri ndi apabanja: nambala imene munthu wapereka ikhoza kukhala ya amuna ake, ya mwana wake, ngakhale ya mnansi. Meseji inene tsiku, nthawi, malo ndi zonyamula, koma matenda, dzina la chipinda ngati likuulula matendawo, ndi zotsatira za kuyezedwa zisalowemo. Ndimalemba "chipinda 4", osati chipinda cha matenda akutiakuti. Polemba nambala m'buku ndimafunsiratu kuti, "Mayi, foniyi ndi yanu kapena mumagwiritsa ntchito ndi ena?"

Ndimatumiza tsiku lomwelo limene tagwirizana, munthu akadakumbukira zimene tinakambirana, kuti ngati tamvana mosiyana zioneke msanga. Kenako ndimatumizanso mawu omwewo, osasintha, kutatsala masiku awiri, osati limodzi, kuti wa foni yozima akhale ndi mpata woiyatsa usiku wosiya kudya usanafike. INDE akabwera ndimachonga m'buku. Amene alibe mayunitsi ndimawauziratu kuti angofulasha. Amene sanayankhe kapena kufulasha pofika Lachitatu masana ndimamuimbira, ndipo sindifunsa kuti "mwalandira meseji?", poti aliyense amayankha kuti eya. Ndimafunsa kuti, "Mayi, mwati mubwera liti, ndipo mutenga chiyani?", iwo anene okha, ine ndikuyang'ana m'buku.