Mukadina Dispute pa YouTube, amene akuweruza si YouTube

Mawu amene anditopetsa kumva ndi akuti: "Ndatsutsa kale, pano ndikungodikira a YouTube aweruze." A YouTube saweruza za umwini wa nyimbo kapena vidiyo. Mukatsutsa, podina Dispute, chidandaulo cha Content ID, makina a YouTube ozindikira nyimbo ndi mavidiyo a eni ake, mawu anu amapita kwa yemwe uja wanena kuti nyimboyo ndi yake, ndipo iyeyo ndiye amasankha kukusiyani kapena kulimbikira. Aliyense amene sanamvetse zimenezi amawerenga molakwa uthenga uliwonse wodikira umene amauona pa sikirini, ndipo ena matchanelo awo apita chifukwa cha zomwezi.

Tiyerekeze nkhani imene imachitika kawirikawiri. Woimba wagula biti kwa wokonza mabiti pa intaneti, pa layisensi yotsika mtengo imene imalolanso anthu ena kugula biti yomweyo. Wajambula nyimbo yake, waika vidiyo pa YouTube. Woimba winanso wa dziko lina anagula biti yomweyo, n'kutumiza nyimbo yake kudzera ku kampani yofalitsa nyimbo, ndipo kampaniyo inailembetsa mu Content ID. Pa 1 Malichi makina amva kufanana kwa mabiti awiriwo, chidandaulo chagwera pa vidiyo ya woimba wathu. Palibe munthu amene wamvetsera. Ndi makina chabe.

Pamenepa tchanelo sichinalandire chilango chilichonse. Chidandaulo cha Content ID chimakhudza vidiyo imodzi yokha: mwina ndalama za malonda zikupita kwa wodandaula, mwina vidiyo yatsekedwa m'mayiko ena kapena kulikonse, mwinanso wodandaula akungotsata chiwerengero cha oonera. Chilango chenicheni, chimene pa sikirini chimalembedwa kuti Copyright strike ndipo ambiri timangoti sitiraiki, chimabwera pokhapokha vidiyo yachotsedwa pa pempho la mwalamulo. Anthu amasokoneza ziwirizi, n'kuthamangira kutsutsa ndi mantha pa nthawi imene palibe choopsa, ndipo kutsutsa kopanda umboni kumeneko ndi kumene kumawaitanira sitiraikiyo.

Woimba wathu ali ndi umboni, choncho pa 4 Malichi walowa mu YouTube Studio, malo oyendetsera tchanelo, wadina Dispute, wasankha chifukwa cha layisensi, n'kulemba dzina la biti, amene anamugulitsa, tsiku logula ndi nambala ya lisiti. Tsiku limeneli lili ndi tanthauzo pa ndalama. Ngati inu ndi wodandaula nonse mukufuna ndalama za malonda a pa vidiyoyo, ndipo mwatsutsa pasanathe masiku 5 chidandaulo chibwerere, YouTube imasunga ndalamazo kuyambira tsiku loyamba la chidandaulo. Mukatsutsa masiku 5 atadutsa, imayamba kusunga pa tsiku limene mwatsutsalo, ndipo za masiku a m'mbuyo musaziyembekezere. Nyimbo yatsopano imaonedwa kwambiri sabata yoyamba, ndiye wozengereza mpaka pa 10 Malichi wataya mbali yonona.

Kudikira koyamba ndi kumeneku, ndipo n'kwa masiku 30. Mukaona kuti kutsutsa kwanu kukuunikidwa, tanthauzo lake n'lakuti wodandaula wapatsidwa nthawi yoyankha, kwa woimba wathu mpaka pa 3 Epulo. Sizitanthauza kuti mukupambana, ndiponso sizitanthauza kuti pali amene wawerenga kale. Kutsutsa kukatumizidwa sikubwezeka. Wodandaula akhoza kuchotsa chidandaulo, nkhani n'kuthera pomwepo ndipo ndalama zosungidwa n'kubwera kwa inu. Akhoza kukhala chete mpaka masiku 30 atha, chidandaulo n'kufa chokha, zomwenso n'zokomera inu. Akhoza kuchibwezeretsa, kutanthauza kuti wakana mawu anu. Koma akhozanso kupempha kuti vidiyo ichotsedwe pompano, osadikira gawo lina lililonse, ndipo pempho lake likakhala lokwanira mwalandira sitiraiki. Njira yachinayi imeneyi anthu ambiri saidziwa, n'chifukwa chake amadina Dispute ngati akuyesa mwayi.

Masiku 30 amenewa si okhala manja lende. Dzina la wodandaula limaoneka mu tsatanetsatane wa chidandaulo. Woimba wathu alembere wokonza biti uja, chifukwa malayisensi ambiri a mabiti ogulitsidwa kwa anthu angapo amaletsa wogula kulembetsa nyimbo mu Content ID, ndipo wokonzayo ndi amene mawu ake amamveka ku kampani yofalitsa. Nkhani zambiri za mtundu uwu zimatha ndi imelo imodzi yokhala ndi lisiti ndi layisensi.

Tinene kuti pa 20 Malichi uthenga wafika wakuti chidandaulo chabwezeretsedwa. Apa mpira uli kwa inu. Mukhoza kuvomera, vidiyo n'kukhalabe ndi chidandaulo popanda chilango. Mukhoza kudula gawolo kapena kusintha nyimbo ndi zida za mu Studio monga Trim out segment kapena Replace song, ngakhale kuti kwa woimba amene biti ndiyo msana wa nyimbo yonse izi sizithandiza. Kapena mukhoza kuchita apilo podina Appeal, ndipo YouTube ikhoza kukufunsani kaye kuti mutsimikizire akaunti yanu.

Woimba wathu wachita apilo pa 22 Malichi. Kudikira kwachiwiri n'kwa masiku 7 okha, mpaka pa 29 Malichi. Kale anali masiku 30, koma anachepetsedwa mu 2022, ndiye malangizo akale amene akuzungulirabe pa intaneti akusocheretsani. Kusiyana kwakukulu ndi gawo loyamba n'kwakuti wodandaula sangathenso kungobwezeretsa chidandaulo. Achichotse, kapena achisiye chife, kapena apemphe kuti vidiyo ichotsedwe. Apilo ndiye kuti mwamuuza kuti: ndisiyeni, apo ayi gwiritsani ntchito lamulo. Pa vidiyo yotsekedwa pamakhalanso batani la Escalate to Appeal, limene limadumpha masiku 30 aja n'kukufikitsani pomwepa. Limafulumizitsa yankho, ndipo limafulumizitsanso sitiraiki kwa amene alibe umboni.

Tsopano gawo limene limandiwawa mtima. Pa 27 Malichi wodandaula wakana apilo, koma wasankha pempho lochotsa vidiyo lochedwetsedwa ndi masiku 7. Woimba wathu watsegula foni, waona vidiyo ikadalipo, anthu akuonera, tchanelo chilibe sitiraiki, waona mawu osonyeza kuti china chake chikudikiridwa, n'kuganiza kuti ndi kudikira konga kuja kwa poyamba. Ayi ndithu. M'magawo awiri apitawo nthawi imathera wodandaula, ndipo kukhala chete kwake kumakupindulirani. Pano nthawi ikuthera inu. Muli ndi masiku 7 oti muthetse apilo yanu kapena muchotse vidiyoyo nokha, ndipo mukatero simulandira sitiraiki. Mukathetsa apilo, chidandaulo chimatsalabe pa vidiyo ndipo simungachitenso apilo pa chidandaulo chomwecho. Mukakhala chete, pa 3 Epulo vidiyo ichotsedwa ndipo sitiraiki ilowa. Uthenga wa zimenezi umapita ku imelo ya akaunti imene inatsegulira tchanelo, imene nthawi zambiri ndi ya mphwanu kapena ya mnyamata wa ku situdiyo amene anakuthandizani zaka zitatu zapitazo ndipo saitsegulanso. Munthu wosalakwa, wa lisiti m'manja, amalandira chilango chifukwa cha imelo yosawerengedwa. Nthawi yonse imene nkhani ili m'kati, tsegulani Studio tsiku lililonse.

Wina akhoza kusankha dala kuti masiku 7 adutse chifukwa akufuna kulimbana mpaka kumapeto. Zimenezo n'zotheka, bola zikhale zosankha.

Sitiraiki ikalowa, kufufuta vidiyo sikuichotsa. Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kumaliza phunziro la YouTube la Copyright School ndi kudikira masiku 90, sitiraiki n'kufafanizika koma vidiyo osabwerera. Yachiwiri ndi kupempha wodandaula kuti abweze pempho lake, zimene zimachotsa sitiraiki ndi kubwezeretsa vidiyo. Yachitatu ndi chikalata chokanira, cholembedwa pa sikirini kuti Counter notification. Ichi si fomu wamba ya YouTube. Chimachokera ku lamulo la ku America la DMCA la 1998, ndipo mumalemba dzina lanu lenileni, keyala ndi nambala ya foni, zonsezo n'kutumizidwa kwa wodandaula. Mumalumbira kuti mukukhulupirira moona mtima kuti vidiyo inachotsedwa molakwika, ndipo kunama pamenepo ndi mlandu. Mumavomeranso kuti nkhaniyo ikhoza kuzengedwa m'khoti la ku America, ngakhale mukukhala ku Zomba, ku Chipata kapena ku Tete.

Kudikira kwa pano kuli pawiri, ndipo anthu amawerengera masiku pa malo olakwika. Poyamba YouTube imaona ngati chikalatacho n'chokwanira komanso ngati chifukwa chanu chikumveka, ndipo ikhoza kuchikana osachitumiza n'komwe. Ikachitumiza kwa wodandaula, m'pamene masiku 10 ogwira ntchito a ku America amayamba. Loweruka, Lamulungu ndi maholide a kumeneko sawerengedwa, ndiye yembekezerani masabata awiri kapena kupitirira pang'ono. Wodandaula akapanda kuonetsa umboni woti watengera nkhaniyo ku khoti, vidiyo imabwerera ndipo sitiraiki imachoka. Akauonetsa, vidiyo imakhalabe yochotsedwa, ndipo apo mukufunika loya.

Masitiraiki atatu okhalapo pa nthawi imodzi amatseketsa tchanelo ndi mavidiyo ake onse. Ngati biti imodzi ija ili m'mavidiyo atatu, musachite apilo pa onse tsiku limodzi. Yambani ndi imodzi muone mmene wodandaula akuyankhira.

Za anthu amene amati "tumizani ndalama tikuchotsereni kopiraiti," chonde apeweni. Palibe munthu wapadera amene ali ndi batani lochotsera chidandaulo cha mwini wake. Chimene amachita ndi kulowa mu akaunti yanu ndi pasiwedi imene mwawapatsa, n'kudina Dispute yemweyo ndi mawu okopera onena kuti lamulo limalola kugwiritsa ntchito nyimboyo mwachilungamo. Wodandaula akachedwa kuyankha amakuuzani kuti ntchito yatheka, n'kulandira ndalama. Akakana, iwo amadina Appeal osakufunsani, kenako chikalata chokanira cholumbira m'dzina lanu, ndipo sitiraiki ndi mlandu wonama zimatsala ndi inu, tchanelo nthawi zina n'kupita ndi iwo. Kutchula dzina la woimba pansi pa vidiyo, kulemba kuti nyimbo si yanu, kunena kuti munagula kope la nyimboyo longomvera, kapena kuti simukupezapo ndalama, zonsezi YouTube inanena poyera kuti si zifukwa zotsutsira. Ngati munaika nyimbo ya mwini pa vidiyo ya ukwati popanda chilolezo, chidandaulocho n'choona. Chisiyeni, kapena sinthani nyimbo. Ndipo imelo ikabwera yokuopsezani za sitiraiki n'kukupatsani linki yoti mudine, musadine. Tsegulani Studio nokha muone ngati sitiraikiyo ilikodi.